Tsiku Limene TV ya a Bonongwe Inada

Esinati anatsika minibasi pa Mwanza boma Loweruka dzuwa lili paliwombo. Mumtima mwake munali zofuna ziwiri zokha: kuvula nsapato zimene zinkamuluma kuyambira pa Zalewa, ndi kukauza amuna ake, a Watson Bonongwe, kuti mdzukulu wabadwa ku Ndirande uja watengera makutu awo. Anali atakhala masabata atatu kwa mwana wawo Tadala, kumuthandiza pa chikuta. M'zaka makumi atatu ndi zinayi za banja lawo anali asanachokepo pakhomo nthawi yaitali chotero.

Wakabaza anamutula pansi pa mitengo ya manachesi ya kuseri kwa nyumba. Asanafike ndi pakhonde pomwe anamva kwaya ikuyimba m'nyumbamo, ndipo anaseka yekha. A Bonongwe ndi TV yawo anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Anawatumizira ndi mwana wawo wamwamuna, Malcolm, kuchokera ku Joni, ndipo chisiyireni ukalipentala chaka chatha, ati chifukwa cha msana, bambowo ankangokhalira kuitumikira. Ankaipukuta ndi nsalu yakeyake, ankaifunditsa usiku, rimoti ankagona nayo kumutu. Esinati ankati ndi mkazi mnzake, koma mkazi mnzake wabwino, wosadya ndiwo.

Analowa osagogoda. A Bonongwe anali pampando wawo wa mlombwa umene anakhoma okha, chipewa chili kumutu monga mwa masiku onse, thupi litaweramira kutsogolo. Atamva mapazi anatembenuka, namulonjera ndi chimwemwe chenicheni. Anafunsa za ulendo, za Tadala, za mwana. Esinati anagwada pang'ono n'kuyamba kuyankha, koma mawu anamuthera pakamwa maso ake atagwera pa TV.

Galasi lonse linali bii. Kanyali kapansi pakona kankayaka bwinobwino kobiriwira, kwaya inkayimba mokweza mpaka makapu a m'kabati kunjenjemera, koma pagalasipo panalibe kanthu. Ankangoonapo chithunzithunzi cha chitseko chimene anasiya chotsegula, ndi iye mwini ataima ndi chikwama m'manja.

Anafuna kufunsa kuti yatani. Asanatsegule pakamwa, a Bonongwe analoza galasi lakudalo ndi rimoti.

"Taonani amayi awa mmene akuvinira. A kwaya yathu aja atamaonerako kuno."

Esinati anayang'ana amuna ake, anayang'ana TV, anayang'ananso amuna ake. Poyamba anaganiza kuti akumuseleula, pakuti a Bonongwe nthabwala zawo zinali za nkhope youma. Koma nkhope iyi siinali ya nthabwala. Bambowo ankagwedeza mutu motsatira nyimbo, maso ali tong'o pagalasi, ngati munthu amene akuonadi chinthu chomukondweretsa. Kenaka mantha ena anamugwira Esinati, akuti mwina ndi iyeyo amene maso achita chidima ndi dzuwa la panjira. Anaphethira, anayang'ana kalendala ya pakhoma, nawerenga masiku onse bwinobwino mpaka timalemba tating'ono ta pansi.

Anaika chikwama pansi pang'onopang'ono. Mawu amene anatuluka pakamwa pake sanawazindikire kuti ndi ake.

"Amene akutsogolerayo wavala chiyani, bambo a Malcolm?"

"Zofiira," anayankha a Bonongwe osazengereza. "Simukuona inu?"

Esinati anati akuona. Anatuluka, anazungulira kuseri, nakhala pa mtondo umene unali chafufumimba pafupi ndi khitchini. Nsapato zija anaziiwala kuti zikumuluma.

Zinthu zimene munthu wakhala akuzipondaponda osaziona zimabwera zonse tsiku limodzi. Anakumbukira njinga imene inapachikidwa kudenga chaka chatha, ati maondo. Anakumbukira mauthenga a pafoni amene ankamupatsa iye kuti awerenge, ati magalasi asowa, magalasi amene sankapezeka ngakhale asese nyumba yonse. Anakumbukira chala chimene a Bonongwe ankaika m'kamwa mwa kapu pothira tiyi, iye n'kumawakalipira kuti ndi uve wa ukalamba. Kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, ankawerengabe mawu pa guwa Baibulo lili chotsegula, anthu n'kumayamikira kuti bambo awa amawerenga osakodola. Koma ankasankha okha ndime, ndipo tsopano Esinati anazindikira kuti zinali ndime zomwezomwezo, Masalimo ndi Yohane, zimene ankazidziwa pamtima chiyambire unyamata wawo. Ngakhale mpando wa mlombwa uja unali utayenda. Kale unkakhala kukhoma, lero unali pakatikati pa balaza, pafupi ndi TV moti munthu akanatha kuikhudza ndi phazi.

Chimene chinamubaya kwambiri chinali chigongono. Kuyambira nyengo ya manachesi ya chaka chatha, a Bonongwe anayamba kumugwira pachigongono popita kutchalitchi. Munthu amene pa unyamata wake ankayenda mapazi khumi patsogolo ngati sakumudziwa mkazi wake, lero kumugwira pamsewu, anthu akuona! Esinati anakondwa ngati namwali. Anafika pokadzitama kwa amayi anzake a kumpingo kuti chikondi china chimapsa mochedwa, iwo n'kumamuseka ndi kumusirira. Atakhala pa mtondo paja manyazi anamugwira, kenaka mkwiyo, kenaka chisoni chimene chinameza zonse ziwirizo.

Mng'ono wake Iness, amene nyumba yake inali kuseri kwa khola ndipo ndiye ankawapatsira a Bonongwe chakudya masabata onsewa, anabwera kudzamulonjera. Esinati anamufunsa mozungulira ngati alamu ake anali bwino. Iness anati anali bwino zedi, chakudya ankamaliza, TV inkalira kuyambira m'mawa, kungoti iye mbale ankasiya pakhonde poti m'nyumba ya alamu salowamo mwinimkazi kulibe. Esinati sanamuuze kanthu. Ankadziwa chimene amuna ake ankaopa. Mudziwu unali wa kwawo kwa Esinati, a Bonongwe anali mkamwini, ndipo nkhani ya bambo a amuna akewo anaimva kamodzi kokha, ali achinyamata. Bambo awowo anachita khungu ali pa chikamwini ku Thambani, ndipo patatha zaka ziwiri abale a mkazi anatopa nawo, nawaperekeza kwawo atagwira ndodo, ndi kathumba ka zovala.

Kuwafunsa maso ndi maso sikukanathandiza. A Bonongwe akakana chinthu ankakana ngati chitsa, ndipo akanatha kulumbira kuti mayi wa zofiira uja amuona ndi ndolo zomwe. Koma kuwasiya chomwecho kunali kuwasiya alowe mumdima okha, pamene mwina kuchipatala akanachitapo kanthu. Esinati anaimirira, anakuwira m'nyumba kuti akukagula ndiwo, nabwerera ku boma ndi nsapato zomwe zija.

Kinsley anali ndi kashopu kuseri kwa msika, kodzaza ndi ma TV otsegula mimba ndi mawailesi a anthu amene anaiwala kudzawatenga. Anali bambo wa zaka makumi anayi, wolankhula pang'ono, wophunzira ntchitoyo ku Limbe. Esinati anamufotokozera za galasi lakuda, za kanyali koyaka, za mawu omveka bwino. Kinsley anagwedeza mutu ngati amva dzina la munthu amene amamudziwa. Anafunsa ngati inagwa kapena kulowa madzi, ndiponso ngati inada kamodzin'kamodzi kapena inayamba yathimathima. Esinati anati sakudziwa, iye kunalibe. Nanga amene analipo akuti chiyani? Apa mayiyo anayang'ana pansi.

"Amene analipowo akuti ikuonetsa bwinobwino," anatero. "Mukafika musadabwe mokweza."

Kinsley anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga kachikwama ka zida nakaliza njinga yamoto.

Anafika mpira utayamba. A Bonongwe anali atasintha tchanelo, pakuti mabatani a rimoti ankawadziwa ndi chala, ndipo ankakalipira wosewera wina amene woulutsa anali atangonena kuti waphonya. Atamva kuti mkazi wawo wabwera ndi wokonza ma TV, nkhope inasintha. Anafunsa kuti waitanidwa ndi ndani, kudzakonza chiyani, popeza TV ili bwino ndipo iwo akuonera. Anawonjeza kuti amisiri a masiku ano amatsegula chinthu chamoyo n'kuchisiya chakufa.

Kinsley anali ataima pakhomo, maso ali pa galasi lakuda lija, kenaka pa bambo amene ankaliloza. Ngakhale anachenjezedwa, pakamwa panatseguka. Esinati anamuyang'ana momupempha. Munthuyo anavula kapusi, nalonjera mwaulemu. Anati sadzatsegula kanthu, angoyang'ana chabe, ndipo anapempha mayi kuti atseke chitseko ndi makatani.

M'balaza munachita kamdima. Kinsley anagwada patsogolo pa TV, anayatsa tochi ya pafoni yake, naigunditsa pafupi ndi galasi mopendeketsa.

"Mayi, tabwerani muone apa."

Esinati anawerama. Poyamba anangoona kuwala kwa tochiyo. Kenaka, mkati mwa mdimawo, munayenda kanthu. Tianthu tating'ono, tofiirira ngati tili pansi pa madzi a chithaphwi, tinkathamanga uku ndi uku. Kinsley anasuntha tochi, ndipo pakona panaoneka manambala a zigoli ndi mphindi zikuwerengeka. Esinati anagwira pakamwa. Mpira wonse unalimo, ukuseweredwa mumdima, popanda woona.

Kinsley anafotokoza motsitsa mawu, koma m'chipinda chaching'ono mulibe mawu otsika. Anati galasi la TV za mtundu uwu limapanga chithunzi koma lilibe kuwala kwakekwake. Kuseri kwake kuli mizere ya timababu tating'onoting'ono, ndipo ndi timeneto timene timawalitsa chithunzicho kuti chifike m'maso mwa munthu. Timababuto timalumikizana mondondozana, magetsi amadutsa m'kamodzi kupita m'kanzake, choncho kamodzi kakapsa mzere wonse umaduka, ndipo bodi ya mkati imene imadyetsa timababuto magetsi ikaona zimenezo imazimitsa tonse. Mawu ali ndi njira yawoyawo yopita ku masipika, n'chifukwa chake samva nawo za malirowo. Kanyali kapakona kaja kamangonena kuti magetsi afika ndipo TV yadzuka, za kuwala sikadziwa kanthu. Anati tochi ikanapanda kuonetsa chithunzi bwenzi akukayikira zina zovuta kwambiri, koma apa vuto ndi timababuto kapena mbali ya bodi yotidyetsayo, ndipo akayeza kushopu kuti adziwe chenicheni.

"Chithunzi chilipo, mayi. Chafa ndi kuwala basi."

Nthawi yonseyi a Bonongwe ankamvetsera. Woulutsa mpira ankakuwa yekha. Kenaka bambowo anatambasula dzanja, natsitsa mawu ndi rimoti mpaka m'nyumba munangoti zii.

"Mwati chiyani, achimwene? Mwati yada?"

Kinsley anayang'ana Esinati. Esinati sanamuthandize.

"Yada, bambo. Yonse. Palibe chikuoneka."

"Inunso simukuona kanthu? Mayi a Malcolm, inunso?"

"Ngakhale ine," anatero Esinati.

Chimene chinachitika apa Esinati sadzachiiwala. A Bonongwe anaseka. Kunali kuseka kwa munthu amene wamutula katundu wolemera, kochokera pansi pa mimba. Anamenya dzanja pa bondo, naimirira theka.

"Ndiye kuti ndi TV! Lachiwiri lija, ndili pompano, kuwala kunangoti phethi, kenaka zii. Ine ndinati basi, maso aja atherapo. Masiku anayi ndakhala pano ndikuti atha. Kani ndi TV!"

Anasekanso pang'ono, kenaka kusekako kunazima pakati. Anamva okha zimene ananena. Anakhala pansi mwapang'onopang'ono, manja ali pa maondo, nkhope italoza kumene ankaganiza kuti kuli mkazi wawo, koma analoza pambali pang'ono, pa kabati. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Esinati anafuna kulira, anafunanso kuwagwira pakhosi, ndipo sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

Kinsley, munthu wa nzeru zake, anapeza mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito yambiri. Anazula mawaya, anakulunga TV m'bulangete limene Esinati anamupatsa, nanena kuti potsegula pamafunika tebulo lalikulu ndi manja awiri odekha, chifukwa galasilo ndi lopyapyala ndipo likang'aluka ndiye kuti TV yatha. Ngati ndi timababu, asintha mizere yonse osati kamodzi kokha, poti totsalato tatopanso. Akaitanitsa ku Limbe, ibwera pa minibasi, Lachitatu adzabweza. Anamanga katunduyo kumbuyo kwa njinga mosamala ngati wanyamula mazira, ndipo anachoka osayang'ana m'mbuyo.

Anatsala awiri, ndi khoma lopanda kanthu. Esinati anakhala pa mkeka pafupi ndi mpando uja. Anadikira. Kudikira ankakudziwa, anakhala ndi munthuyu zaka zambiri.

A Bonongwe anayamba ndi kunena kuti si nkhani yaikulu. Kenaka anati inayamba zaka ziwiri zapitazo, ngati utsi wa m'khitchini umene suchoka. Diso lamanzere linatsogola, lamanja linatsatira. Ukalipentala anausiya tsiku limene anadula thabwa la mwini wake molakwika katatu, msana unalibe mlandu. Magalasi anawaponya okha m'chimbudzi atasiya kuthandiza. Pa TV anayamba kusaona nkhope, kenaka anthu, mpaka kunatsala chinthu chowala chosintha mitundu, koma chinali chowakwanira. Ankati bola icho chikuwala, ndiye kuti sanafike pa bambo awo. Khomo ankalionabe kuti kwayera ndi uko, koma khomo ndi dzuwa, ndipo dzuwa ngakhale bambo awo ankalimva. Muyeso wawo unali TV. Itazima Lachiwiri lija, anakhala pampando mpaka madzulo osadya, kenaka anaganiza kuti aziyatsabe tsiku lililonse mokweza, kuti a kuseri kwa khola asadziwe.

Esinati anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire. Anayankha kuti pano si pawo. Mkamwini amadyera manja ake, ndipo manja opanda maso ndi nkhuni chabe.

Apa ndiye mkwiyo uja unapeza khomo. Esinati sanakuwe, poopa Iness. Anawafunsa kuti denga ali pansi pakeli anakhoma ndani. Zitseko za nyumba zonse za mudzi uno, mpaka bokosi limene anaikamo mayi ake omubereka, anapala ndani? Manachesi ali panjawo anadzala ndani? Anawauza kuti amunyoza, kumuyesa munthu woti angaperekeze mwamuna wake ndi kathumba. Anati wobisa matenda maliro amamuulula, ndipo iwo ayamike Mulungu kuti awaulula ndi TV. Kenaka anafika pamene pankamupweteka penipeni.

"Ndiye chigongono chija? Ine kumakadzitama kwa anzanga. Kani ndinali ndodo?"

A Bonongwe anatembenukira kumene kunachokera mawu ake.

"Poyamba munali ndodo," anatero. "Sindinama. Koma ndinadzafika pomadandaula kuti tchalitchi chili pafupi."

Esinati sanadziwe ngati akhululuke kapena ayi, choncho anapita kukaphika.

Lamulungu a Bonongwe sanapite kutchalitchi, ndipo za chipatala anakana. Lolemba anakananso. Anati bambo awo anapita nawo kwa asing'anga atatu osathandizika, ndipo iwo safuna kukauzidwa ndi mwana wovala zoyera chinthu chimene akuchidziwa kale. Esinati anawauza kuti amayi ena a kumpingo anawachotsa ng'ala ndipo lero akulowetsa okha ulusi pa singano. Iwo anati za ena ndi za ena. M'nyumba mopanda TV munali chete woopsa, moti Iness anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Kinsley anasunga mawu ake. Lachitatu masana anafika ndi TV m'bulangete lomwe lija, ndi mizere yakale m'manja kuti eni ake aone. Inali timizere tachitsulo topyapyala, tokhala ndi timaso toyera motalikirana. Anaonetsa Esinati kamodzi kamene kanali ndi kadontho kakuda pakati, kopserera, ndi ena angapo amene anali atayamba kufiirira. Bodi inali bwino. A Bonongwe anapempha kuti agwireko, ndipo anayendetsa chala pamzerewo mpaka anafunsa ngati kopsako ndi aka. Sikanali ako, koma Kinsley anawasunthira chala pa kenikeniko mwaulemu.

Atalumikiza n'kuyatsa, galasi linawala mpaka Esinati anatsinzina. Kinsley anati ndi zimenezo zimene amafuna kunena. Atangoikonza kushopu anapeza kuti kuwala kwa timababu kunakwezedwa mpaka pamapeto penipeni, ndipo timababu tikamayaka ndi mphamvu yonse kuyambira m'mawa mpaka usiku timatentha n'kufa msanga. Anaisiya dala chomwecho kuti eni ake aone. Anafunsa ngati alipo amene anakweza.

"Ndine," anatero a Bonongwe. "Ndinkakweza pang'onopang'ono. Ndinkati TV ikukalamba."

Kinsley anati aitsitsa kufika pakati kuti ikhalitse. Anatenga rimoti, ndipo kuwala kuja kunabwerera pa muyeso wa anthu onse. Kwa Esinati chithunzi chinali chokongola kuposa kale: mayi wina ankawerenga nkhani za masana, atavala bulauzi yachikasu, ndi ndolo zazitali. Kinsley anatsanzika. Pakhonde anaima pang'ono, nauza Esinati motsitsa kuti iye amadziwa za ma TV zokha, koma m'ntchito yake chinthu chimene chabwera msanga chimakonzeka kusiyana ndi chimene eni ake anayamba achimenyamenya kaye kunyumba.

Esinati atabwerera m'nyumba anapeza amuna ake atasendeza mpando mpaka maondo kugunda tebulo la TV. Nkhope yawo inali pafupi ndi galasi moti kuwala kunkasewera pamasaya. Anaima kumbuyo kwawo.

"Wavala chiyani amene akuwerenga nkhaniyo?"

Anaona mapewa awo akukwera, kukonzekera yankho monga ankachitira miyezi yonseyi. Kenaka mapewawo anatsika.

"Sindikudziwa. Ndikungoona kuti yayaka. Ndipo mmene waitsitsiramu, ndikuchita kuifunafuna."

Esinati anatseka chitseko ndi makatani monga anachitira Loweruka. Anazimitsa TV. Anatenga foni yake, nayatsa tochi, nagwada patsogolo pa mpando. Anawavula chipewa, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire, ndipo iwo sanakane. Anawapempha kuti ayang'ane kutsogolo, nabweretsa tochiyo pafupi, mopendeketsa, mmene anaonera kwa Kinsley.

Pakati pa diso, pamene pamayenera kukhala pakuda, panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga. Maso onse awiri, lamanzere kwambiri. Sizinali zobisika ayi. Aliyense akanaziona, akanangoyang'ana. Iye ankadziwa chipsera chilichonse cha m'manja mwa munthuyu, ankadziwa kutsokomola kwake pakati pa anthu zana, koma sanathe kukumbukira tsiku lomaliza limene anamuyang'ana m'maso. Anakula akuuzidwa kuti mkazi waulemu sayang'anitsitsa mwamuna wake kumaso, ndipo ulemuwo anausunga bwino kwambiri moti zaka ziwiri zathunthu munthu ankachita khungu pambali pake.

"Mwaona chiyani?" anafunsa a Bonongwe.

"Mwayera," anatero Esinati. "Ngati mwa amayi aja a singano. Sindine dokotala, koma mwayera chimodzimodzi. Inuyo tochiyi mukuiona?"

"Ndikuiona. Ili uku." Analoza molondola. Esinati anaisunthira kumanzere, iwo anailondola. Anaikweza m'mwamba, anailondolanso.

Kenaka mayiyo, osadziwa chimene chinamutuma, anatembenuza tochiyo nadziwalitsa yekha kumaso, nasendera pafupi mpaka anamva mpweya wawo. Anafunsa ngati akumuona. A Bonongwe anayang'anitsitsa nthawi yaitali, zikope zikunjenjemera ndi khama.

"Ndikuona kuti mulipo," anatero. "Nkhope yanu ndinaisiya nthawi ya manachesi, chaka chatha. Munali mutavala duku lobiriwira, mukukalipira mbuzi za Iness. Ndi imeneyo imene ndakhala ndikuyang'ana."

Esinati anazimitsa tochi kuti asaone zimene nkhopeyo inkachita tsopano, kenaka anakumbukira kuti sakanaziona. Anakhala chogwada mumdimamo, atagwira chipewa chawo. M'foni imene inali m'dzanja lake munali zithunzi khumi ndi ziwiri za mdzukulu wa makutu aja, ndipo chifikireni anali asanazitchule.

Mmawa mwake anadzuka n'kupeza a Bonongwe atavala kale jekete la kutchalitchi, mabatani atasemphana ndi limodzi. Esinati anawakonza. Chipewa anachisiya pa mpando. Anatuluka dzuwa litakwera, nthawi imene mudzi wonse uli panja, ndipo Iness, amene ankatsuka mbale pathandala, anafunsa kuti ulendo ndi wa kuti m'mawa wa Lachinayi.

Esinati anatsegula pakamwa kuti anene kuti kumsika. A Bonongwe anamutsogolera.

"Kuchipatala, mlamu. Maso angawa sakuona."

Mbale inamupulumuka Iness n'kugwera m'matope. A Bonongwe anatambasula dzanja, nafufuza m'malere kawiri. Esinati anabweretsa chigongono chake pamene dzanjalo linali, ndipo anayamba kutsika kulowera kumsewu.